Ndinakana Mwaulemu, Atsibweni Anapha Mbuzi

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 41, mphunzitsi wa pulaimale kuno ku Milange. Pamtundu pathu ndine ndekha wolandira malipiro a boma, ndiye achibale amalidziwa tsiku lolandira kuposa mwini wakene.

Nkhani yanga ikukhudza atsibweni anga a Afonso, alongo awo a malemu mayi anga, amene amakhala ku Majaua. Munthu ameneyu sindingamunyoze. Nthawi ya nkhondo ndi iwo anandibereka kumsana powoloka mtsinje wa Ruo kuthawira ku Muloza, ndili ndi zaka ziwiri. Titabwerako kumakampu a othawa nkhondo, kope langa loyamba anandigulira ndi iwo, ndipo paukwati wanga ndi a Hilário ankhoswe anali iwo omwewo. Chokhacho, bizinesi siiwayanja. Anayesapo usipa, unathera m'ndiwo za pakhomo. Anagula jenereta yoonetsera mafilimu, lero amaikapo ndowa.

Chaka chino akuti nandolo. Akufuna kukongola meticais 150,000 ku bungwe lina lobwereketsa ndalama kuno, agule nandolo kwa alimi pokolola, asunge, adzagulitse mtengo ukakwera. Abungwe ataona chikole chawo, chomwe ndi njinga yamoto ndi jenereta ija, anati n'chochepa. Munda sungakhale chikole, poti kuno nthaka ndi ya boma. Ndiye anawauza kuti apeze fiador, munthu wapantchito woti awaimire pa ngongoleyo.

Atsibweni anandipeza kusukulu nthawi yopuma, atavala jekete. Kuno mphunzitsi amamutcha Pulofesora. Anati, "Pulofesora, apa palibe chovuta. Ine ndinakuimira paukwati wako, ndinalipirapo chiyani? Iwenso ungoima pambali panga, usaine, basi." Ndinati ndiganize kaye, koma chifukwa cha manyazi ndinawapatsa makope a BI, chitupa changa cha unzika, ndi NUIT, nambala yanga ya msonkho.

Mawa lake ndinakafunsa kubungweko. Anandiwerengera kuti pamodzi ndi chiwongoladzanja, atsibweni azibweza pafupifupi 16,000 mwezi uliwonse kwa chaka chathunthu, kuyambira mwezi wotsatira. Ine ndimalandira 19,000, ndipo pomwepo ndi pamene pamachokera fizi ndi lendi ya mwana wanga Nércia, amene akuphunzira unamwino ku Mocuba. Ndinatuluka mu ofesimo n'kubwerera kunyumba. A Hilário nditawafotokozera anangoti, "Ukasaina undiuze msanga, ndiyambiretu kukadya kwa amayi."

Kuwakanira pamaso sindikanatha, choncho ndinalemba kalata. Inandithera masiku atatu ndipo inakwana masamba atatu. Tsamba loyamba linali moni, kufunsa aliyense wa pakhomo mpaka mbuzi. Lachiwiri ndinawathokoza za Ruo, za kope, za ukwati. Kukanako ndinakuika patsamba lachitatu, cha kumunsi, ndipo ndinalemba kuti, "mwina panopa zinthu zikhoza kuvutirapo pang'ono, koma Mulungu ndi wamkulu." Pofuna kuti asakhumudwe, ndinatumiza kalatayo limodzi ndi tambala wanga wamkulu.

Patapita masiku awiri akazi a atsibweni, a Serafina, anandiimbira foni, mawu atadzaza ndi chimwemwe. Anati, "Tambala uja tadya, mwanangu. Atsibweni ako anaitana mbumba yonse n'kuyamba kuwerenga kalata yako mokweza. Atafika pa za Ruo misozi inawatsamwitsa, anangopinda kalata n'kunena kuti, basi ndamva, mwana amene wakana satumiza tambala."

Aphungu, tsamba lachitatu silinawerengedwe mpaka lero. Kalatayo aisunga m'Baibulo. Apha mbuzi, Lamulungu anaimirira kutchalitchi kuthokoza Mulungu chifukwa cha "Pulofesora wathu", ndipo auza alimi anayi kuti asagulitse nandolo wawo kwa wina. Anditumizira mwendo wa mbuziyo, ndipo a Hilário, omwe aja ankakana, audya theka. Atsibweni akuti Lachinayi sabata yamawa ndikakumane nawo kubungwe kukasaina.

Ndili ndi mantha komanso manyazi. Ndikasaina ndiye kuti ndaika sukulu ya Nércia m'manja mwa mtengo wa nandolo. Ndikakana, ndichititsa manyazi munthu amene anandipulumutsa. Kodi makope aja andimanga kale? Nanga ndilembe bwanji kuti amve koma asadane nane?

N.A., Milange

Mayi N.A.,

Choyamba mtima pansi. Makope a BI ndi NUIT sanakumangeni, mwendo wa mbuzi nawonso sunakumangeni. Chimene chimamanga munthu ndi siginecha yake pa pangano la ngongole, ndipo inu simunasaine. Komabe ndikuuzeni mosabisa: atsibweni anu sanalakwe kumva mmene anamvera. Inu munalemba kalata yothokoza, n'kubisa kukana kumunsi ngati ndalama ya m'mpango, kenako n'kutumiza tambala kuti akachitire umboni. Ngakhale akanafika patsamba lachitatu, "Mulungu ndi wamkulu" akanangoyankha kuti ameni.

A Afonso akuyesa kuti fiador ndi nkhoswe. Ayi. Banja likavuta, nkhoswe amaitanidwa kudzakhazika anthu pansi, akatha amabwerera kwawo thumba lili chimodzimodzi. Ngongole ikavuta, fiador amaitanidwa kudzalipira. Mapangano ambiri amalemba kuti fiador ndi principal pagador, kutanthauza kuti wobwereketsa sakakamizika kuyamba wagulitsa njinga ya atsibweni asanafike kwa inu. Atsibweniwo akangodumphitsa mwezi, foni ilira ndi yanu. Mulipira ngongole yotsala, chiwongoladzanja, chindapusa chochedwera, mwinanso zolipira kukhoti, ndipo khoti likhoza kulamula kuti gawo la malipiro anu lizidulidwa. Dzina lanu likhoza kulowa m'kaundula wa ngongole amene mabanki amayang'anamo, tsiku lomwe mudzafune kukongola zanuzanu n'kudzakubwezerani pakhomo. Ndipo mukasaina simungadzuke mawa n'kunena kuti ndasintha maganizo. Mumatuluka pokhapokha ngongole itatha, kapena wobwereketsa atavomera munthu wina m'malo mwanu.

Onaninso ichi. Nandolo wosungidwa m'matumba sabweretsa ndalama mwezi ndi mwezi, koma bungwe lizifuna 16,000 yake mwezi ndi mwezi. Pamene atsibweni akudikira kuti mtengo ukwere, ndalamazo zizichokera kuti? Abungwe anaziona kale zimenezi, n'chifukwa chake akufuna mphunzitsi. Lamulo langa ndi losavuta: musaimire ngongole imene simungathe kuilipira nokha yonse. Inu mukachotsa 16,000 pa 19,000, chotsala sichingafike n'komwe ku Mocuba.

Ndiye lero lomwe lembani kalata ina. Tsamba limodzi, ndipo kukana kukhale pamwamba, misozi isanayambe. Mutha kulemba chonchi:

"Atsibweni anga okondedwa, ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi a Serafina. Ndalemba kukudziwitsani kuti sinditha kukhala fiador pa ngongole yanu, ndipo Lachinayi sindibwera kudzasaina. M'kalata yoyamba ija sindinanene momveka. Kulakwa ndi kwanga, mundikhululukire. Ndafunsa kubungwe, ndipo andiuza kuti fiador amalipira ngongole yonse ngati zinthu zavuta. Malipiro anga sangakwanitse zimenezo pamene Nércia ali pasukulu. Sikuti ndikukukayikirani. Nditasaina ndingakhale ndikulonjeza chinthu chimene ndilibe. Loweruka ndibwera ndi a Hilário kuti tikambirane njira ina. Ndine mwana wanu nthawi zonse."

Mwaona kuti mulibe "mwina", mulibe "panopa", mulibe "tiona". Mawu amenewo kwa munthu wofuna ngongole ndi tsiku lina lodzabweranso. Musatchulemo usipa kapena jenereta. Mukukana pepala, simukuweruza moyo wawo. Musanamizirenso a Hilário kuti ndi amene akuletsa, chifukwa atsibweni adzangopita kukawanyengerera, ndipo munthu amene wadya theka la mwendo sachedwa kufewa.

Kalatayo ikafike m'manja mwawo ali okha, osati pagulu, ndipo ifike Lachinayi lisanayandikire, kuti asakavale jekete n'kukakudikirani pabenchi ya bungwe. Ikafika aimbireni foni, munene ndi pakamwa panu chiganizo chachiwiri chija cha m'kalatamo. Mukatero pitani kubungwe mukawauze kuti simukhala fiador, akubwezereni makope anu ngati anafika kale kumeneko.

Za manyazi a kutchalitchi, athandizeni kupeza chonena. Loweruka musapite chimanjamanja m'maganizo. Mwina angakongole ndalama zochepa zolingana ndi chikole chawo, zosafuna fiador. Mwina angagwirizane ndi alimi anayi aja kuti awagulitsire nandolo n'kumapatsidwa kangachepe pa thumba, popanda ngongole. Ngati muli ndi kenakake komwe mungapereke osakuyembekezeranso, perekani ngati mphatso, ndipo munene kuti ndi mphatso. Mbuzi ija inafa chifukwa cha kalata yanu, ndiye kubweza kamwana ka mbuzi sikungakhale kulakwa. Potero adzatha kuuza anthu kuti Pulofesora anawalangiza njira ina, ndipo sadzakhala akunama.

Adzakwiya, musadzinamize. Mwina mwezi, mwina mpaka Khirisimasi. Koma mkwiyo wa kukanidwa umapola msanga kuposa udani wa anthu awiri amene akuitanidwa kukhoti limodzi. Ndalandirapo makalata ambiri a mafiador, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene amalankhulanabe ndi m'bale wakeyo. A Afonso anakuwolotsani Ruo kuti mukule, muphunzire, mulere anu. Nércia akamaliza unamwino, imeneyo idzakhalanso ntchito ya msana wawo uja, ndipo mudzawaitane akhale kutsogolo pa mwambo womaliza maphunzirowo.

Chenjezo langa ndi ili. Lachinayi musayandikire ofesi ija ngakhale atati mungowaperekeza, chifukwa munthu wamanyazi ngati inu akapatsidwa cholembera amasaina kuti asakhumudwitse mwini cholembera. Ndipo kalata ino ipite yokha. Nkhuku zonse zitsale m'khola.

Aphungu