Pepala la Konsati mu Foda ya Bambo

Lachitatu, 31 Julaye

Miyendo ngati si yanga. Tsiku lonse chiimire pa kauntala, makasitomala akusankha utoto wa nyumba ngati akusankha mkazi. Kenako pulakatisi ya kwaya. Tinabwera 17. Chaka chatha tinali 31, ena onsewo anawolokera ku mpingo wa kutsidya kwa msewu komwe kuli zida zoimbira. Ife kiyibodi chifereni mu Epulo tikuyimba chowuma.

A Kiyi, kondakitala wathu (dzinali analipeza chifukwa cha "mwathawa kiyi, mwathawa kiyi" wawo uja), anena mosabisa kuti konsatiyi ikapanda kugula kiyibodi nawonso awoloka. Sindikuwanena. Iwo akapita, kwaya yatha.

Chilengezo ndalemba, kachitatu. Ndikopere muno ndisadzasokoneze:

Kwaya ya achinyamata ikuyitana mpingo wonse ku konsati yopezera ndalama za kiyibodi. Loweruka pa 24 Ogasiti, 2 koloko mpaka 5 koloko masana. Malo ndi holo ya sukulu ya sekondale, osati m'tchalitchi muno, poti muno muli ukwati tsiku limenelo. Matikiti: akulu 2,000, ana 500, kwa aliyense wa kwaya kapena pakhomo. Amene sadzatha kubwera atenge envelopu pa tebulo la pakhomo, alembepo dzina, aponye m'bokosi lobiriwira. Kapena atumize pa foni ya a msungichuma a mpingo, nambala ili m'munsimu, ndipo alembe mawu oti KWAYA kuti zisasakanikirane ndi chakhumi.

Ulembi wa kwaya ndinauvomera ndekha. Walira mvula walira matope.

Lachinayi, 1 Ogasiti

Nthawi yopuma masana yathera panjira. Siginecha ya wapampando wa achinyamata, kenako ofesi ya abusa 12 koloko isanakwane, chidindo, kenako pepala mu foda yakuda ya zolengeza. Ukachedwa pang'ono udikire sabata ina.

A msungichuma andikumbutsanso lamulo lawo. Nambala yawo isaikidwe pa positala kapena pa gulu la pa foni mpaka iwerengedwe yonse pa guwa. Chichitikireni zija za munthu amene anazunguza nambala yabodza m'dzina la mpingo, anthu amangokhulupirira chimene amva pa guwa. "Chosalengezedwa si cha mpingo, mwanawe." Ndiye mapositala 20 ali pansi pa bedi, malo a nambala ali mbee.

Mwayi wake, wowerenga zolengeza ndi Bambo anga omwe. Zaka 22 ndi foda yakudayo. Masabata atatu alipo. Ndagona osadya, ulesi wophika.

Lamlungu, 4 Ogasiti

Zolengeza za maliro, maukwati awiri, msonkhano wa amayi, ife kumapeto anthu akuyang'ana kale kukhomo.

Bambo anena tsiku. Anena kiyibodi. Basi. "Zina zonse mufunse achinyamata." Holo osaitchula, envelopu osaitchula, nambala ayi.

Panja amayi atatu andiuza kuti adzabwera, akhala pa benchi yawo yomwe ija. M'tchalitchi! Ndawauza za holo mpaka kukhosi kuuma. Enawo mazana angati amene sanandifunse?

Maenvelopu 100 pa tebulo, atengedwa 6. Imodzi ndaiona mwana akupindira ndege.

A Kiyi anangondiyang'ana. Bola akanalankhula.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Ndaimbira Bambo. Akuti mapemphero anatalika, anafupikitsa. Koma za msonkhano wa amayi anawerenga mpaka za kubweretsa makapu.

Ndikuwadziwa. Kwaya yathu sanaikondepo. Kwa iwo nyimbo ndi za m'buku, zinazi ndi phokoso la ana ovina. Ndili ndi zaka 27, ndimalipira lendi ndekha, koma m'maso mwawo ndikadali kamtsikana kosewera ndi chitini.

Ndalembanso pepala, lalifupi, mizere isanu. Nambala ndaikhwatcha pansi kawiri ndi cholembera chofiira. Kusindikiza 300. Basi yopita ku ofesi ndi kubwerera 1,200. Zonse m'thumba langa, ndipo mwezi ukadali mwana.

Lamlungu, 11 Ogasiti

Ndatopa, ndakwiya, sindikudziwa chachikulu ndi chiti.

Lero Bambo holo aitchula. Envelopu aitchula. Atafika pa nambala anthu atulutsa zolembera, ine mtima m'malo. Anena manambala asanu ndi atatu m'malo mwa khumi, awiri apakati atembenuza, n'kutseka foda. A msungichuma anadzuka pomwepo kuuza anthu kuti asatumize kanthu, nambalayo si yawo. Mpingo wonse kuseka. Kumbuyo kwanga wina anati achinyamata ayamba kale kuba konsati isanachitike.

Bambo ndinawapeza ku vesitile akuvala jekete. Ndinalankhula zambiri, pamaso pa akulu ampingo awiri. Ndinati ngati simukufuna kwaya yathu nenani, kusiyana n'kutichititsa manyazi mwadala. Iwo akufunafuna batani la jekete. Anangoti, "Wamaliza?"

Matikiti ogulidwa mpaka lero 23. Holo imalowa anthu 300. A sukulu akufuna theka lotsala la ndalama ya holo pofika pa 20.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Ndalemba kalata kwa abusa. Kuti chilengezo chathu chalakwika kawiri, kuti latsala Lamlungu limodzi, kuti tikupempha wina awerenge. Onse 17 asayina. A Kiyi anafunsa ngati ndaganiza bwino, poti ndi bambo anga. Ndinati ku tchalitchi kulibe bambo.

Ndaisiya kwa mlembi wa ofesi. Pobwerera mutu waching'alang'ala. Mapiritsi awiri, madzi, bedi.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Abwana anandilola kuweruka 3 koloko. Ndinapita kwathu kukasiya pepala lachitatu m'manja mwa Bambo, ndikuti asadzanamizire ofesi.

Ndinalowera kuseri. Zenera la pabalaza lotsegula. Mawu a Mayi, pang'onopang'ono ngati a mphunzitsi wa kalasi yoyamba, akuwerenga chilengezo cha maliro. Bambo akubwereza pambuyo pawo, mzere ndi mzere. Ndinasuzumira. Akhala pa mpando wawo, maso otseka, chala chikugogoda pa bondo. Foda ili pa miyendo ya Mayi.

Ndinaima pamenepo ndi pepala langa ngati chitsiru.

Mayi anandiona, anatuluka, anandikokera ku khitchini. Chaka ndi theka tsopano. Akuti Bambo ali ndi ng'ala, maso onse awiri. Nkhope amaziona ngati mu utsi, zilembo ayi. Kuchipatala anawalemba pa mndandanda wa opareshoni, akudikirabe. Foda ikabwera Lachinayi, Mayi amawerenga, iwo amaloweza mpaka Loweruka. Pa guwa pepala amangoligwira. Mayina amatha, masiku amatha, koma manambala khumi ondondozana amawathawa. Sabata yoyamba ija anadumpha dala poopa kulakwitsa. Yachiwiri anayesera chifukwa cha foni yanga ija. Anailoweza masiku atatu.

"Usawauze kuti wadziwa. Chatsala ndi fodayi basi." Ntchito anapuma, njinga anasiya, ine ndimati ndi ukalamba chabe.

Ndinadya nawo. Ndinaona mmene amafufuzira kapu ndi nsonga za zala asanaigwire. Ndakhala ndikubwera kuno Lamlungu lililonse, maso ndili nawo awiri abwinobwino.

Za kalata sindinanene.

Lachisanu, 16 Ogasiti

7 koloko ndinali pa ofesi ya abusa. Mlembi akuti kalata inapita kale, ili pa mndandanda wa zokambirana za akulu ampingo mawa masana. Madzi akatayika saoleka.

Ndachedwa ku ntchito, abwana adula theka la tsiku. Ndapatsa kasitomala utoto wa panja m'malo mwa wa m'kati.

Ndikanena zoona kwa akulu, ndawavula Bambo. Ndikakhala chete, awachotsa ngati munthu wa nkhanza kwa ana. Ndikabweza pempho, nambala siwerengedwa, a Kiyi apita. Ndazungulira pamenepa tsiku lonse ngati mbuzi ya pachingwe.

Loweruka, 17 Ogasiti

Ndasindikiza nambala yokha, manambala awiri pa pepala lililonse, akuluakulu ngati a pa basi. Mapepala asanu, 1,500. Ndinapita nawo kwa Bambo m'mawa, ndikuti makina a ku shopu anasokonezeka. Anawagwira, anawayandikiza kumaso, anawabweza. "Makina ako ali ndi nzeru." Sanaseke.

Masana anapita ku msonkhano wa akulu, Mayi atawaperekeza mpaka pa geti. Zomwe zakambidwa sindikudziwa.

Pulakatisi tinabwera 15. Alto yathawa kiyi katatu, ine ndemwe.

Lamlungu, 18 Ogasiti

Maliro Bambo anena. Ukwati anena. Osaphonya dzina ngakhale limodzi. Kenako anatseka foda, n'kuyang'ana mpingo umene sakuuona.

Anati maso awo anatha chaka chatha, akhala akutiuza za pamtima, pepala ankangoligwira. Anati kunyada kwawo kwapweteka ana a kwaya kawiri, ndipo akupepesa. "Mlembi wa kwaya abwere awerenge yekha."

Sindikukumbuka mmene ndinafikira kutsogolo. Ndinawerenga zonse. Loweruka pa 24, 2 koloko. Holo ya sekondale, osati muno. Matikiti, maenvelopu, bokosi lobiriwira. Nambala kawiri, a msungichuma akugwedeza mutu, mawu oti KWAYA. M'tchalitchi zii, kumangomveka mapepala.

Foda Bambo anaipereka kwa abusa ndi manja awiri. Potsika pa guwa Mayi anabwera kudzawagwira mkono, poyera, koyamba.

Maenvelopu atha onse. Foni ya a msungichuma ikungolira. Mapositala talemba nambala ndi kumata masana omwewo. A Kiyi ayamba kale kufunsa mitengo ya kiyibodi. Anthu akundigwira chanza ngati ndapambana chinachake. Ndikungofuna kugona.

Bambo ndinawapeza pa geti akudikira Mayi, manja opanda kanthu, osadziwa poti awaike. Anandizindikira ndi mayendedwe. Anati ndinathamanga pa manambala, ndizipuma pakatha atatu alionse, okalamba amalemba mochedwa. Kenako anati kalata yanga abusa anawawerengera dzulo pamaso pa akulu onse, ndi mayina 17 omwe.

"Unalemba bwino, mayi. Munalibe bodza."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndipepese, koma Mayi anali atafika.