Agogo ndi Chithunzi cha Ukwati Wawo

Amayi anga okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, ndipo msana uja waleka kukuzunzani. Ine ndili bwino, kugalaja ntchito ikuyenda. Koma pali nkhani ya agogo imene yandikanika kukuuzani pafoni.

Lamlungu masana ndinali patebulo, ndikufunsa pulogalamu ija yoyankha mafunso pakompyuta za injini ina yovuta. Agogo anatulukira atakumbatira chithunzi cha ukwati wawo, chija chimakhala pamwamba pa kabati. Anandifunsa ngati makina angawo angathe kuchiyang'ana, kapena amangodziwa kulongolola ngati malume.

Ndinati angathe, ngakhale alibe maso ngati athu. Chithunzi chimasanduka timadontho tambirimbiri, kadontho kalikonse nambala yake, ndipo pulogalamuyo inaphunzira pa zithunzi zosawerengeka kuti kasanjidwe aka ndi dzanja, aka ndi chipewa. Ndinawachenjezanso kuti chithunzicho chipita pa intaneti, kumakompyuta a eni pulogalamu. Iwo anati tsiku la ukwati anawaona anthu mazana, mlendo mmodzi sangawachititse manyazi.

Ndinachijambula ndi foni n'kutumiza, koma galasi linanyezimira, pulogalamu n'kunena kuti kuwala kwaphimba nkhope. Ndinachitulutsa m'felemu, kuchiyala pafupi ndi zenera, n'kujambulanso popanda fulashi.

Apo ndiye inayamba kufotokoza, ine ndikuwawerengera. Inati chithunzicho n'chopanda mitundu, pali anthu asanu pamasitepe, mkwati wavala jekete lomuperewera manja, mkwatibwi wanyamula kachikwama. Agogo anaseka mpaka kutsokomola. Anati jekete lija linali lobwereka, koma pa kachikwama makina anama: linali buku la nyimbo atalikulunga mumpango. Nditalemba zimenezo, pulogalamu inavomera kuti inalakwitsa.

Agogo anaifunsa dzina la kamtsikana kamene kaima kumapeto. Inayankha kuti sitchula anthu mayina poona nkhope, ingofotokoza zimene zikuoneka: kamtsikana kagwira m'mphepete mwa diresi, ndipo mzere wopindika wadutsa patsaya pake. Agogo anati ameneyo ndi mng'ono wawo, uja anamwalira chaka chotsatira. Pa mtundu wa diresi lake inati ikhoza kungoyerekeza, chifukwa mtundu sunajambulidwe. Agogo anati isavutike, linali lachikasu, anasoka okha.

Kenaka anafunsa ngati mkwati akuyang'ana wojambula. Inati ayi, mutu wake wapendekera kwa mkwatibwi. Agogo anati ndiwerengenso. Ndinawerenga kachiwiri.

Ndinakulitsa nkhope ya agogo aamuna mpaka inadzaza kompyuta yonse, n'kuwauza kuti aone okha. Amayi, agogo anawerama n'kuyang'ana pambali, pomwe panali ketulo. Anagwedeza mutu, amvekere yaoneka bwino.

Apo ndinazindikira kuti sakuona. Ndinawafunsa bwinobwino, ndipo sanabise. Anati patha chaka tsopano akuona ngati m'chifunga. Chithunzicho amachipukuta m'mawa uliwonse, koma nkhope ya mwamuna wawo inayamba kuwathawa ngakhale m'mutu, ndipo anachita mantha. Kufunsa ine sanafune, poti ndikanadziwa n'kukuuzani, inu n'kusiya ntchito. Anaganiza kuti makina sangaulule.

Apa ndiye pali kulapa kwanga. Ndimagona nawo nyumba imodzi, koma sindinazindikire. Ndinkadandaula akamandikalipira chifukwa chosuntha mpando, osadziwa kuti nyumba yonse anaiika pamtima. Mankhwala awo amawasiyanitsa ndi zala, botolo lina analimanga ulusi. Malaya anga a kugalaja amasita osapsereza, mabatani n'kusokerera, singano atapempha mwana wa aneba kuti awalowetsere ulusi. Mayi amenewa ndi olimba mtima, ndikukuuzani. Ine babu likangopsa ndimagunda tebulo.

Lachitatu ndinapita nawo kuchipatala cha maso. Dokotala wati ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, diso limodzi kaye, linalo pambuyo pake. Agogo avomera, koma ati sagona pabedi limenelo mwana wawo wamkazi palibe.

Chonde bwerani, amayi. Atipatsa tsiku la 14 mwezi wamawa. Ndipo mukafika musawakalipire chifukwa chobisa. Anena kale kuti mukayamba zimenezo adzakukumbutsani amene anawabisira mimba miyezi isanu, ine ndisanabadwe.

Mundiperekere moni kwa bambo aang'ono ndi ana onse. Mulungu akusungeni mpaka tidzakulandireni pakhomo.

Ndine mwana wanu wachisamba.