Mbiri ya Bambo ya M'kabuku ka Msonkhano

Lachinayi, 14 Ogasiti

Okondedwa achemwali anga,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka. Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa nkhani ndili nayoyi pakamwa sindingaithe. Muiwerenge mutakhala pansi.

Mukudziwa kuti bambo anasankhidwa kukhala mphunzitsi wamkulu pa msonkhano wa abusa ndi akuluampingo mwezi wamawa. Alembi a komiti yokonza msonkhanowo anandipempha kuti ndilembe mbiri ya bambo yoti ilowe m'kabuku ka pulogalamu, poti ine ndimadziwa kutayipa. Anati mawu asapitirire 150, ndipo ndilembe ngati wonena za munthu wina: kumene anaphunzira zaubusa, masatifiketi awo, chaka chodzozedwa, mipingo imene atumikira motsatana, udindo wawo panopa, mzere umodzi wa banja, pomaliza mutu wa phunziro lawo. Chithunzi chikhale chovala kolala. Anandichenjezanso kuti zaka ndisachite kulota, chifukwa anzawo a kukoleji adzakhalapo, magalasi ali pamphuno.

Ndinaseka, ndikukumbukira kabuku kaja kanasokoneza chaka chomaliza koleji ndi chaka chodzozedwa. Paja bambo anatilalikira patebulo sabata yonse kuti pakatipo pali zaka ziwiri zoyesedwa pansi pa mbusa wamkulu, ngati kuti olakwitsawo tinali ife.

Loweruka m'mawa ndinapita kunyumba ndi pepala ndi cholembera. Ndinawapeza m'chipinda chawo chowerengera, atamanga tayi ngati kukubwera alendo. Za maitanidwe awo anafotokoza bwinobwino, nkhani ija ya kusiya uphunzitsi imene tonse tinailoweza. Koma nditafunsa dzina la koleji, anatembenukira kukhomo. Mayi anali ataima pamenepo ndi kansalu kopukutira mbale, ndipo anayankha ndi iwo. Ndinafunsa maphunzirowo anatenga zaka zingati, anayankhanso mayi. Ine mwanthabwala ndinati, kodi anadzozedwa ndi ndani m'nyumba muno? Palibe anaseka.

Ndinapempha mayi kuti atisiye. Pa chaka chodzozedwa bambo anatchula chaka chimene iwo anabadwa. Ndinaganiza kuti sanamve, ndinabwereza, iwo anabwerezanso chomwecho. Mipingo anatchula itatu n'kuima. Wachitatuwo, wa nyumba yodontha ija tinachokako ine ndisanayambe sukulu, anati ndi umene tili panopa, ndipo anadandaula kuti akuluampingo akuchedwa kukonza denga mvula isanayambe.

Ndinayang'ana denga la m'chipindamo ngati nane ndikufuna podontha.

Kukhitchini mayi anatseka chitseko n'kundiuza zonse. Papita chaka ndi miyezi chiyambire bambo kuiwalaiwala. Maulaliki amene takhala tikumva Lamlungu ndi akale. Mayi amawakopera ndi zilembo zikuluzikulu, n'kuika mzere wofiira poyenera kupuma. Nyimbo, mapemphero ndi mavesi bambo sanaiwale ngakhale limodzi, n'chifukwa chake palibe wazindikira. Ine amene ndimadya nawo Lamlungu lililonse sindinaone kanthu, ndimangoti bambo ayamba kufatsa. Ndinafunsa mayi chifukwa chimene sanakanire msonkhanowo, poti kumeneko ndi masiku atatu, ndipo anthu amaimirira kufunsa mafunso amene palibe angawakopereretu. Anati tsiku limene uthenga unabwera bambo anasangalala ngati mwana, iwo analibe mtima wowalanda. Anandigwira dzanja kuti ndisauze munthu, ngakhale inu. Ndiye mwaona, ndawalakwira.

Mbiriyo ndinailembabe. Zaka ndinazitenga pa mafelemu a pakhoma: dipuloma, satifiketi yodzozedwa, digiri ija anaphunzira ali pa ntchito, ndi kosi ya uphungu wa odwala. Mipingo yonse isanu ndi iwiri anandiuza ndi mayi. Zinakwana mawu oposa mazana awiri, ndinadula za makomiti ndi maulendo mpaka zinalowa. Zaka makumi anayi zinakwana theka la tsamba. Mzere womaliza wonena kuti adzaphunzitsa pa mutu wa kuweta nkhosa zotopa ndinaulemba mtima ukukana, koma ndinatumiza.

Lachiwiri alembi anandipatsa tsamba loyesera lochokera kwa osindikiza. Lamulo lawo ndi lakuti mwiniwake awerenge n'kusayina asanasindikize mabuku onse. Ndinapita nalo masana. Bambo anavala magalasi, n'kuwerenga mokweza ndi mawu awo a paguwa aja, osaphonya ngakhale chilembo: "Abusa anaphunzira zaubusa zaka zinayi, anayesedwa zaka ziwiri, ndipo atadzozedwa atumikira mipingo isanu ndi iwiri." Anafika kumapeto, anagwedeza mutu mokhutira, n'kundiyang'ana.

"Munthu ameneyu watumikira ndithu. Kodi ndimamudziwa?"

Chithunzi chawo chinali pamwamba pa tsamba lomwelo, dzina lawo lili pansi pake. Mayi anatuluka atagwira pakamwa. Ine ndinangoloza chithunzicho ndi chala.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono, ngati munthu wodzuka m'nyumba yachilendo. Kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, "Ndine, eti?" Ndinavomera. Anawerenganso tsambalo chamumtima, anapempha cholembera, n'kudula mzere womaliza uja.

"Zapamwambazi n'zoona, zisiye. Koma kabuku ka mpingo kasalonjeze anthu chimene sindingawapatse. Amayi ako atopa. Ndimawaona."

Anasayina pansi. Achemwali, ndiye kuti amadziwa. Nthawi yonse imene mayi amabisira anthu, bambo nawo amabisira mayi kuti akudziwa.

Dzulo ndinapita ku ofesi ya alembi ndi tsambalo. Ndinkafuna kunamizira kuthamanga kwa magazi, koma ataona mzere wodulidwawo ndi siginecha, ndinangowauza zoona. Paja iwo anayesedwa ubusa pansi pa bambo. Anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Kenako anati mphunzitsi wina apezeka, mbiri ya bambo aichotsa pa tsamba la aphunzitsi n'kuiika pa tsamba la alendo olemekezeka, ndipo mzere womaliza unena kuti adzapereka mdalitso wotsekera. Umenewo bambo angaunene ngakhale ali m'tulo. Anafunsa ngati tisinthe mawu akuti "akutumikira" akhale "anatumikira". Ndinati ayi, zopuma ntchito akambirane akuluakulu a mpingo ndi mwiniwake, zisayambire m'kabuku. Mabuku akusindikizidwa mawa.

Lolemba tikupita nawo kwa dokotala. Mayi avomera, ngakhale sakundiyankhulitsa bwino.

Pempho langa ndi limodzi. Musadikire tchuthi cha kumapeto kwa chaka monga munanenera. Pemphani masiku kuntchito mubwere ku msonkhanowu, ndipo ana mubwere nawo. Sindikudziwa kuti zinthuzi zimathamanga bwanji, ndipo sindikufuna muzadalire zimene ine ndingakuuzeni.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze nkhaniyi mwa nokha. Ana muwapsompsone. Mayi sakudziwa za kalatayi, choncho moni wawo palibe. Bambo okha ndi amene ndawauza kuti ndikulemberani, ndipo nkhope yawo inawala. Akuti mulimbikire sukulu, musamagone ndi njala, ndipo mukatsekera adzabwera okha kudzakutengani.

Ndine mng'ono wanu wokukondani.