Agogo Akana Kulowa Pachithunzi Okha

Wokondedwa mng'ono wanga,

Uli bwanji kumeneko? Nanga alamu, msana uja unasiya kuwavuta? Kuno tonse tikudzuka bwino. Amayi akudandaula mawondo monga mwa masiku onse, koma pakamwa pokha mpamphamvu. Amalume anenepa, ngakhale iwo akuti ndi malaya amene akuchepa.

Ndikudziwa wadabwa kuona kalata yanga, poti patha zaka ziwiri tikungomverana kwa amayi. Usaing'ambe. Nkhani yake ndi ya agogo, ndipo penapake useka.

Mwezi watha tinapita ku situdiyo kukajambulitsa chithunzi cha banja, choti tiwapatse amayi pokwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri. Tsikulo ndinasankha ndine, ndipo sindinakuuze dala. Ndinali ndikadali ndi mkwiyo woti sunafike pamaliro a agogo, ngakhale ndinkadziwa bwino kuti kuchipatala kwanuko anakukaniza tchuthi. Izi ndazinena poyamba kuti ndipepukidwe.

Chithunzi chinatuluka chokongola. Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati nchabwino koma chaperewera. Ine, mwa nzeru zanga zija, ndinati akunena amayi awo. Ndiye ndinatenga foni nkulembera a ku situdiyo aja uthenga.

Ndinawalembera kuti ndikupempha atiikire agogo athu omwe anatisiya pachithunzi chija, pafupi ndi amayi. Ndinati achite mosamala, asawasalaze makwinya, asawayeretse khungu, asawatseke mpata wa mano, komanso kachipsera ka patsaya lakumanzere kakhale pomwepo. Ndinatumiza zithunzi zitatu. Pachachitatucho ndinawonjezera kuti munthu ali pambaliyo angomuchotsa. Munthuyo ndiwe.

Mwini situdiyo ndi mayi wamagalasi, wosachedwa kuseka koma wosanyengerera. Anandiyankha kuti ndipite ndikaone ndi maso, chifukwa pafoni tingokangana. Ndinamupeza m'kachipinda ka kuseri, kodzaza mafelemu ndi nthambo zamagetsi, zithunzi zathu zili kale pakompyuta.

Choyamba, cha pachiphaso cha agogo, anachikana msanga. Chidindo chinadya khutu, komanso agogo akuoneka ngati awagwira ataba nkhuku. Chachiwiri, cha paukwati wanga, nchosaoneka bwino, ndipo anawajambula akutafuna. Anati chabwino nchachitatu, cha tsiku lomwe unamaliza maphunziro aunamwino, agogo akuseka pakhonde atakukolowekera pamkono.

Koma atachikulitsa kuti mutu wa agogo ufanane kukula ndi wa amayi, nkhope yonse inasanduka timabokosi. Anandifotokozera kuti changacho nchojambulanso ndi foni, ndipo chadutsa m'mafoni ambiri, paliponse chikufinyidwa. Akufuna chapepala chenichenicho, achichotse mufelemu, achigoneke pasikana, makina okopera zithunzi. Ndipo ine ndikudziwa khoma limene chapachikidwa: la m'nyumba mwako.

Kenako anandionetsa za kuwala. Pachithunzi chathu nyale inali kumanzere, ndiye mithunzi ya mphuno zathu inagwera kumanja. Kwa agogo dzuwa linali kumanja. Anati akangowaika chonchi, ngakhale mwana aona kuti awamata. Ine ndinati angowatembenuza, si kompyuta imatha zonse? Anawatembenuzadi kuti ndione. Kachipsera kanasamukira tsaya lina, ndipo anakhala ngati mayi wina wofanana nawo. Ndinati abwezereni msanga.

Tsopano tinafika pa iwe. Anakufufuta pang'onopang'ono ine ndikuona. Utachoka, agogo anatsala atapendekeka, zala zawo zonse khumi zitagwira mphepo, ndipo mbali ya chibwano inalibepo chifukwa inabisika paphewa lako. Mayi uja anati angathe kubwereka manja a munthu wina, chibwanocho nkuchijambulitsa ndi kompyuta, ndipo alendo sangadziwe. Koma anandikumbutsa kuti ndinalemba ndekha kuti mosamala. Anati manja obwereka si a agogo anga, ndipo ine ndizidziwa tsiku lililonse ndikadutsa pabalaza.

Ndiye anandifunsa kuti mtsikana amene agogo amugwira chonchiyu ndi ndani, anamwaliranso kapena? Mng'ono wanga, manyazi amene anandigwira sindingathe kuwalemba. Ndinati ayi, ali moyo, ndi wobadwa naye mimba imodzi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, nkukubwezera pamalo pako. Agogo anakhalanso bwinobwino. Ndinalira pamenepo, ndipo anandipatsa kansalu kopukutira kamera, akuti ndi kokhako koyera m'chipindamo.

Anandiuza njira ziwiri. Yoyamba, akuikeni nonse awiri monga mulili pachithunzi chakalecho. Imeneyo ndakana. Ungaoneke wa zaka makumi awiri pakati pa ife a imvi, wamng'ono kuposa mwana wanga woyamba, ndipo ungatinyadire mpaka kufa.

Yachiwiri ndi imene ndakulemberayi. Akuti kusuntha amoyo nkosavuta kusiyana ndi kusuntha omwalira. Tijambulitsenso tonse. Nyale aiika kumanja kuti ifanane ndi dzuwa la pakhonde lija, kamera aikweza pa msinkhu umene inali tsiku limenelo. Iwe uima pambali pa amayi, mkono utaupinda monga unachitira, utavala chovala choyera cha manja aatali ngati chija. Pambali pako tisiya mpata. Pamenepo ndi pamene aika agogo ndi manja awo enieni, nkuwonjezera kamthunzi ka zala pamkono wako kuti zioneke kuti zagwiradi. Kumunsi kwa diresi lawo, kumene sikunatuluke, kubisika kuseri kwa ana okhala kutsogolo.

Pepala lakalelo likhoza kukhala litafiira, ndiye anafunsa mtundu weniweni wa diresi lawo. Amayi akuti linali lobiriwira, azakhali akuti labuluu, ndipo sakulankhulana kuyambira Lachiwiri. Iwe ndiwe unawagulira, udzaweruze. Asanasindikize chachikulu adzatipatsa kakang'ono koti tonse tione ndi kuvomereza. Kuseri kwake adzalemba kuti agogo anawonjezedwa, kuti zidzukulu zisadzasokonezeke powerenga zaka.

Nditawauza amayi zonsezi, anandifunsa kuti kodi ndinkaganiza kuti akunena ndani pamene anati chaperewera. Akuti kumene anagona amayi awo akukudziwa, koma mwana wawo, iweyo, ali moyo. Anandikalipira mpaka tiyi anazizira. Amalume okha ndi amene akukana zojambulitsanso, akuti pachoyambacho anatuluka ochepa mimba ndipo mwayi wotere subwera kawiri.

Ndiye ndikupempha, mng'ono wanga, undikhululukire. Mawu amene ndinakuuza pafoni tsiku la maliro anali oipa, ndipo kukusiya pachithunzi kunali koipa koposa. Ndakusowa kwambiri. Bwera ndi chithunzicho wekha, uchiike pakati pa makatoni awiri olimba kuti chisapindike, ndipo ngati chamatirira kugalasi usachikoke, ubwere nacho ndi felemu yomwe. Tsiku usankhe ndiwe, ife tonse tidzasiya zathu.

Ukakana ndimva, chifukwa ndinalakwa ndine. Koma mayi uja ndamuuza kale kuti asadulenso kanthu. Ukapanda kubwera, agogonso salowa.

Undiperekere moni kwa alamu ndi ana, uwauze kuti nawonso malo awo alipo, aafupi kutsogolo. Mulungu akusungeni nonse ndipo akuyendetseni bwino panjira.

Ndine mkulu wako,
uja wapakamwa.