Ndinadwalitsa abambo pothawa mapemphero a asewere

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 48, mlimi, ndipo ndakhala wa Chigwirizano ku CCAP zaka makumi awiri. Mwana wanga Lucia ali pa ubwenzi ndi Rodwell wa ku Kabudula, chinkhoswe chili mu Ogasiti. Mnyamatayo alibe vuto. Amene andifika pakhosi ndi amayi ake.

Mayiwa amatsogolera mapemphero a amayi Lachitatu lililonse ku mpingo wawo watsopano, ndipo andiitana kasanu ndi kawiri. Ine sindifuna, mpingo wanga umandikwanira. Koma tinakula tikumva kuti kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndiye sindinawayankhepo kuti ayi.

Ulendo woyamba ndinati, "Tiona." Wachiwiri ndinati ndi kutali, iwo ananditumizira kabaza wolipiriratu. Nditanena kuti ndikukumba mtedza, anabwera ndi khasu lawo n'kundithandiza mpaka munda kutha. Kodi munthu wotere mumamuthawira kuti?

Lachitatu lapitali ndinatumiza uthenga kuti abambo a Lucia BP yakwera. Pofika masana, amayi asanu ndi mmodzi analowa pakhomo panga akuimba, kudzapempherera wodwala. Wodwalayo anamupeza ali pamwamba pa chigafa, akupachika fodya uku akuimba mluzu. Asewere anga anangoti, "Ambuye achiritsa msanga, eti amake Lucia?" Anakana kukhala pa mphasa, n'kubwerera.

Ndakwiya, Aphungu. Munthu wamkulu osamva kuti mnzake sakufuna? Kodi akukwatiwa ndine kapena Lucia? Ndikufuna ndikawauze zoona zake, koma Lucia akulira kuti ndimuphera banja. Rodwell sanaimbe foni masiku anayi. Ndiwakane bwanji osaswa chinkhoswe?

E.M.B., Nsaru

Mayi E.M.B.,

Mwakwiya, nanenso ndakwiya, koma ndakwiyira inu. Mwagoneka mwamuna wamoyo pa mphasa ya odwala chifukwa choopa liwu limodzi.

Asewere anuwo ali ndi khama loposa muyeso, zimenezo sindikana. Koma mukuti sakumva. Amve chiyani? Simunakanepo mapemphero. Munakana mtunda, iwo anabweretsa kabaza. Munakana tsiku, iwo anabweretsa khasu. Chifukwa chilichonse chimene munapereka chinali choti munthu angathe kuchikonza, ndipo mayi wachifundo anachikonzadi. Nsalu ija mwaiviika kasanu ndi kawiri, n'chifukwa chake mwini wake akudikirabe kuti muchape.

Pitani kwawo sabata ino, nokha, tsiku limene si Lachitatu. Musatume Lucia, musatume ankhoswe, nkhaniyi ingakule ngati mlandu. Tengani kathumba ka mtedza umene anakumba nawo uja. Mukapeza pali anthu, dikirani mpaka mutsale awiri, chifukwa munawachititsa kale manyazi pamaso pa gulu lawo.

Yambani ndi kupepesa bodza lija, popanda "koma". Kenaka nenani motere: "Asewere, zikomo kuti mumandikumbukira. Ku mapemphero a Lachitatu sindizibwera, ndimapemphera ku mpingo wanga. Ndinkaopa kukukhumudwitsani, n'chifukwa chake ndinkazemba." Basi. Chifukwa chikhale chimodzi, choona, chosakonzeka ndi kabaza. Musati "panopa" kapena "chaka chino", mukatero mu Januwale adzagogoda. Za mpingo wawo musanyozeko ngakhale pang'ono.

Mukatseka khomo limenelo, tsegulani lina nthawi yomweyo, ndipo litchuleni ndi tsiku lomwe. Apempheni kuti mupitire limodzi kukasankha nsalu ya chinkhoswe. Auzeni kuti pa maliro, pa matenda ndi pa ukwati adzakuonani patsogolo. Mwina chimene mayiwa akufuna kwenikweni ndi kuyenda ndi sewere wawo anthu akuona. Chimenecho mungathe kuwapatsa.

Dziwani kuti adzakuitananinso. Munthu amene wamva "tiona" miyezi yonseyi sakhulupirira "ayi" woyamba. Musause moyo, musati "ndinanena kale". Bwerezani mawu omwe aja ndi nkhope yomwe ija, kenaka funsani za chimanga chawo. Mukawonjezera chifukwa chatsopano, mwayambitsanso nkhani. Mukakweza mawu, adzaiwala zimene munanena n'kusunga mkwiyo wokhawo. Ndipo musapiteko kamodzi "kuti angosiya", chifukwa Lachitatu lotsatira adzakusungirani mpando.

Chenjezo langa ndi ili: ukali umene mwandilembera nawowu utsale m'kalata muno. Mayi amenewa mudzasinthana nawo adzukulu kumsana. "Ayi" waulemu adzamuiwala Ogasiti asanafike, koma bodza la pa chigafa lija silichoka lokha mukapanda kukalichotsa ndi pakamwa panu. Abambo a Lucia muwapepesenso. Tsiku limene BP idzakweredi, mudzafuna kuti amayi aja akhulupirire uthenga wanu.

Aphungu