Netiweki inandipulumutsa, koma nditsanzike bwanji?

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi mtima uli m'malo. Ndagwira ntchito zaka zambiri pa kampani yosindikiza mabuku ndi zikwangwani, pa desiki yolandira maoda. Kumapeto kwa mwezi uno ndikuchoka, ndapeza ntchito ku kampani ina yosindikizanso. Ndinkaopa kuti abwana akwiya, koma nditawauza anangoti, "Mwana akakula amatuluka m'nyumba. Tisiyireni zinthu zili bwino basi." Ndinapumira m'mwamba.

Vuto ndi uthenga wotsanzika wa pa imelo. Ndinalemba wautali, masamba awiri, kutchula aliyense ndi dzina. Mchemwali wanga atawerenga anaseka mpaka misozi. Akuti, "Iwe, ukuchoka ntchito kapena ukuika maliro?"

Ndinaufupikitsa, koma ndinasiyamo kachiganizo kamodzi. Tili ndi bambo wina woyendetsa makina amene timamutcha a Mawa, chifukwa ukafunsa oda ya kasitomala yankho ndi "mawa". Makasitomala amakalipira ine, iwo ali phee kuseri. Ndiye ndinalemba kuti, "Ndikuthokozanso ena amene anandiphunzitsa kudekha pochedwetsa ntchito zanga." Lachiwiri masana, pofuna kusunga uthengawo, ndinadina potumiza molakwitsa, ndipo pamwamba ndinali nditaika kale adiresi ya antchito onse. Mwamwayi netiweki inali itathawa, uthengawo unangokakamira panjira. Ndinathamangira kwa mkulu woona za makompyuta, tinaufufuta netiweki isanabwere.

Ndapulumuka, koma tsopano ndikuopa kulemba. Anthuwa ndimawakonda, ngakhale a Mawa amene. Mayi anga atagonekedwa m'chipatala ndi iwowo amene anandinyamula pa galimoto yawo. Ndilembe chiyani, nditumize liti, ndipo ndinene kumene ndikupita?

Ine wanu,
L.K.

Zikomo a L.K.,

Ndi anthu ochepa amene netiweki inawachitirapo zabwino, choncho kondwerani. Kachiganizo kaja kasabwererenso. Nthabwala ya pakamwa imatha ndi kuseka, koma yolembedwa munthu amaiwerenga yekha, mobwereza, inu mutapita.

Mwayamba bwino pouza abwana poyamba. Afunseninso ngati anzanu onse akudziwa kale, ndiponso ngati mungatumize kwa kampani yonse kapena kwa a gulu lanu lokha. Munthu asamve koyamba za kuchoka kwanu kudzera mu uthenga wotsanzika.

Tumizani m'mawa wa tsiku lomaliza, osati pa nthawi yoweruka. Anthu apeze mpata woyankha ndi kudzakugwirani chanza, komanso imelo ya kuntchito amatha kuitseka tsiku lomwelo. Adiresi ya olandira muziika pomaliza, mutawerenga kawiri. Phunziro limenelo mwalilipira kale.

Uthengawo ukhale woti munthu awerenge ataimirira. Pamutu lembani mawu omveka, monga "Kutsanzika". Nenani kuti lero ndi tsiku lanu lomaliza. Thokozani gulu lonse, ndipo tchulani chinthu chimodzi chenicheni chimene munachitira limodzi, mwina sabata imene maoda anachuluka koma onse anatuluka pa nthawi yake. Kenako nenani amene akutenga desiki yanu, kumene mwasiya mafayilo, ndi kuti maoda osamaliza mwamufotokozera kale. Anzanu adzakukumbukirani ndi zimenezi Lolemba m'mawa kuposa mawu okoma. Malizani ndi nambala kapena imelo yanuyanu.

Musandandalike mayina. Mudzaiwala mmodzi, ndipo woiwalidwayo ndi amene sadzaiwala. Amene muli nawo pafupi kaonaneni nawo pamaso. A Mawa apezeni ku makina awo, muwathokoze chifukwa cha tsiku la kuchipatala lija. Za maoda ochedwa zisiyeni, si katundu wanunso. Ngati mukuona kuti zikuononga ntchito, auzeni abwana pa awiri, mofatsa.

Kumene mukupita simukakamizidwa kutchula. Popeza ndi kampani yopikisana ndi imene mukuchokayi, "ndikukayamba ntchito ina" nkokwanira. Wofuna kudziwa akufunsani pambali. Makasitomala musawaphatikize mu uthengawu. Awo amafunika wawo, wovomerezedwa ndi abwana, wongowadziwitsa amene aziwathandiza tsopano, popanda kuwakopa kuti akutsatireni. Pa gulu la pa foni la kuntchito, tsanzikani ndi mizere iwiri, perekani udindo woyang'anira gululo kwa wina ngati uli ndi inu, mudikire mayankho, kenako mutuluke. Osangozimiririka, komanso osakhalamo ngati mlendo wokana kupita.

Chenjezo langa ndi ili: a ntchito imodzi amadziwana, ndipo uthenga umajambulidwa nkutumizidwa kwina. Musanadine, dzifunseni ngati mungasangalale abwana anu atsopano atauwerenga. Mukuchoka pakhomo pali potsegula. Tulukani osamenyetsa chitseko.

Phungu wanu