Folo koloko ya amayi

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga diso la amayi likupola bwino? Ine ndili bwino, kupatula kuzizira komwe kwandisandutsa nkhalamba yovala majuzi awiri. Mayeso ayandikira, ndipo ntchito yotsuka mbale kukhitchini ya pasukulu ndikadali nayo.

Uthenga wanu ndinaulandira. Munandiyamikira kuti ndine mwana wosunga nthawi, ndipo munati amayi anavomera kupita ku opaleshoni chifukwa cha foni yanga. Ndauwerenga kangapo, koma sukundikhala bwino mumtima. Ndaona kuti ndikuuzeni momwe zinayendera, chifukwa ulemu umenewo si wanga.

Mukudziwa kuti kafoni ka amayi sikaonetsa nkhope, choncho timalankhulana pafoni ya anamwino oyandikana nawo nyumba aja. Anamwinowo Lamulungu amanyamuka kupita kuntchito faifi koloko isanakwane, ndipo akafika foni amaitsekera mukabati. Ndiye tinapangana kuti ndiziimba folo koloko ya kumudziko. Inu mumandidziwa kuiwala kwanga, munthu woti ndinkafika pasitolo n'kubwerera kudzafunsa chomwe mwandituma. Choncho ndinalemba chikumbutso mukalendala ya pafoni, n'kuchiuza kuti chizibwereza Lamulungu lililonse. Nthawi imeneyo kumudziko munali patsogolo pathu ndi ola limodzi, ndiye ndinachitchera pa thili koloko ya kuno, nthawi yomwe ndimaweruka kukhitchini. Foni inkalira, ine n'kuimba, ndipo miyezi yonseyi zinkayenda bwino.

Koma kuno ali ndi mchitidwe womwe kwathu kulibe. Nyengo yozizira ikamayamba, dziko lonse limabweza mawotchi m'mbuyo ndi ola limodzi. Foni imadzibweza yokha, osakufunsa. Ndinkadziwa ndithu kuti zichitika, ndipo ndinasangalala kuti ndapeza ola laulere logona. Zoti kumudzi wotchi sinasunthe, m'mutu mwanga sizinabweremo. Chikumbutso chija ndinachimangirira ku nthawi ya kuno, ndiye chinalira thili koloko monga ndinachiuzira, pamene kwanuko inali itakwana kale faifi.

Ndinaimba, foni osayankhidwa. Ndinangoti ndi netiweki, n'kulemba kauthenga koti tidzayesanso sabata yamawa. Anamwino anayankha mawa lake kuti chabwino. Lamulungu lotsatira zinachitikanso chimodzimodzi, ndipo apa ndiye pakundipweteka, achemwali: ndinamva ngati ndapepukidwa, chifukwa ndinali ndi zowerenga zambiri. Ndinaika foni m'thumba n'kupita kulaibulale.

Pakati pa sabata anamwino ananditumizira uthenga wa mawu. Anati amayi anawaletsa kundivutitsa poti ndili pasukulu, koma iwo atopa nako kukhala chete. Anati masabata awiri onsewo amayi anabwera atavala diresi lawo lotchitchira, n'kukhala pampando wa pakhonde foni ili pamwendo, mpaka eni ake anachita kuipempha kuti asachedwe kuntchito. Anandiuzanso zomwe sindinkadziwa, kuti madokotala a maso amabwera mwa apo ndi apo, kuti amayi anapatsidwa Lolemba lotsatira kuti akawachotse ng'ala, koma akukana. Akuti ankanena kuti sangakagone pansi pa mpeni asanaone nkhope ya mwana wawo, poti mwina diso silidzatsegukanso.

Ndinakhala pabedi manja ali lende. Mnzanga wogona naye chipinda, yemwe timangomutchula kuti Injiniya, atamva nkhaniyo anayamba wandiseka kuti ndinawoloka nyanja kudzaphunzira koma kuchotsera ola limodzi kwandikanika. Kenako tinatsegula kalendala ija limodzi. Anandionetsa kuti pansi pa malo olembapo nthawi pali posankha dera lomwe nthawiyo ikuwerengedwera. Tinasankha dera lakwathu n'kulemba folo koloko, ndipo foni inaonetsa yokha kuti kuno ikhala thu koloko. Itafunsa ngati tikusintha Lamulungu limodzi kapena onse otsatira, tinasankha onse. Tsopano kuno akabweza kapena kupititsa mawotchi patsogolo, chikumbutso chizitsatira wotchi ya amayi.

Tinaikanso mabelu awiri, lina theka la ola nthawi isanakwane, lina kutatsala mphindi zochepa. Popeza kuntchito foni ndimaitseka pakamwa, tinailola kalendalayo kuti izinjenjemera ngakhale zina zonse zili chete. Tinaichotsanso m'gulu la zinthu zomwe foni imazigoneka posunga batire, chifukwa Injiniya anati zikagonekedwa belu limatha kulira mochedwa.

Vuto linali lakuti thu koloko imandipeza ndili pantchito. Lamulungu litafika, kukhitchini kunali piringupiringu, mbale zitaunjikana mpaka m'khosi. Foni inanjenjemera m'thumba koyamba. Ndinayang'ana mbalezo, n'kuyang'ana akapitawo omwe nkhope yawo simasuka, ndipo ndinadziuza kuti ndipempha ndikamaliza mulu uwu. Kenako ndinaiwala, achemwali. Pambuyo pa zonse zomwe anamwino anandiuza, ndinaiwala ndithu. Ndipo belu lachiwiri litanjenjemera, chomwe ndinayamba kumva mumtima ndi kunyansidwa kuti ndani akundisokoneza. Nditapukuta manja n'kuona mawu oti imbira amayi, manyazi anandigwira.

Ndinapempha akapitawo. Anang'ung'udza, koma anati ndipite msanga ndipo nthawiyo ndidzaibweza poweruka. Ndinatulukira khomo lakuseri, n'kuima pafupi ndi migolo ya zinyalala, epuloni ili yonyowa, mphepo ikundilowa m'mafupa. Foni inangolira kamodzi.

Amayi anaiyandikiza kwambiri kumaso moti ndinkangoona chipumi ndi diso limodzi. Sanandifunse komwe ndinali masabata awiri aja. Anafunsa ngati ndikudya, n'kudandaula kuti ndaonda makutu okha ndiwo atsala. Ine ndinawauza kuti opaleshoni ya ng'ala sitenga nthawi, kuti munthu sagonekedwa tulo, amangomupha dzanzi padiso, ndipo ndinawaseka kuti akapola adzaona bwino kuonda kwangaku. Kenako anati basi ndipita, uwauze achemwali ako abwere kudzanditenga. Zotsatira zake mukuzidziwa kuposa ine.

Tisanatsazikane anandiuza mawu omwe akundisowetsa mtendere. Anati iwo sanakayike, ankadziwa kuti folo koloko ikakwana mtima wa mwana wawo umugunda, chifukwa magazi saiwala. Ndinangoyankha kuti eya, amayi, foni yomwe inandigundayo ili m'manja.

Pempho langa ndi limodzi. Zonsezi zikhale pakati pa inu ndi ine, musawauze amayi za kalendala. Ngati n'kuwauza, ndidzawauza ndekha ndikadzabwera, tili pakhonde limodzi. Panopa asiyeni apole ndi zomwe akukhulupirirazo.

Nditaweruka tsiku lija ndinalembera anamwino kuwathokoza, ndipo ndinafunsa kuti kodi amayi amadziwa bwanji kuti folo yakwana, poti manambala a pafoni anasiya kalekale kuwaona. Anandiyankha kuti amayiwo sadziwa ayi. Akangobwera kutchalitchi n'kudya, amanyamuka n'kukakhala pampando paja kudikira. Ine mabelu awiri, koma ndinatsala pang'ono kulephera. Iwo chowakumbutsa alibe.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana onse, kwa amalume ndi azakhali. Anamwino muwathokoze m'malo mwanga. Amayi muwauze kuti Lamulungu likubwerali ndiimba, ndipo asadzakhale padzuwa nthawi yaitali ndi diso lopolalo.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira